Zolemba za ntchito: uthenga wothokoza amene anathandiza mpikisano wa mpira wogulira madesiki

Lolemba

Mpikisano unatha dzulo madzulo. Matimu 8 asewera Loweruka ndi Lamulungu pabwalo la sukulu ya pulayimale ya kwathu kuno ku Dedza, ndime yomaliza inathera ku mapenate, ndipo anthu anabwerera kwawo popanda ndewu. Cholinga chinali kupeza ndalama zogulira madesiki a ana a Sitandade 3, amene mpaka pano amaphunzira atakhala pa simenti, kuzizira konseku. Komiti yandisiyira ntchito yolemba uthenga woperekeza zithunzi pa tsamba lathu la Facebook, wothokoza masiponsa ndi onse amene tinagwira nawo ntchito.

Achinyamata pagulu lathu la WhatsApp akufuna uthengawu utuluke lero lomwe, nkhani ikadali m'kamwam'kamwa. Ndikuwamvetsa, koma ndawapempha kuti tidikire mpaka Lachinayi. Uthenga wothokoza ukatuluka umakhala ngati risiti yopachikidwa pamtengo wa pamsika, aliyense wodutsa amawerenga n'kuwerengetsa. Amene anapereka amayang'ana ngati dzina lake lilipo komanso ngati lalembedwa bwino, pomwe makolo amayang'ana kuti ndalama zinali zingati ndipo zapita kuti. Sindingalembe chiganizo chonena kuti tapeza zakutizakuti amayi msungichuma asanatseke buku lawo.

Choncho lero sindinalembe uthenga. Ndakhala pansi ndi amayi msungichuma ndi bambo mlembi, tatenga kope la malonjezo, buku la marisiti ndi mauthenga a Airtel Money ndi Mpamba amene ali m'foni ya komiti, n'kuyamba kufananitsa. Pa dzina lililonse tinkafunsa kuti analonjeza chiyani, chinafika ndi chiyani, ndipo anachilandira ndani.

Ndalama zimene zinalowa ndi K1,380,000. Matimu analembetsa ndi K25,000 iliyonse, zonse pamodzi K200,000. Sitolo ya zipangizo zomangira inapereka K600,000, mwana wa m'mudzi muno amene amagwira ntchito ku Joni anatumiza K250,000, mbale imene inkazungulira pabwalo inatolera K180,000, ndipo ogulitsa feteleza ndi mbewu anapereka K150,000. Tikachotsa za oyimbira mpira, mphoto za matimu, laimu wolembera bwalo ndi zina zing'onozing'ono, zimene zakwana K480,000, zatsala K900,000. Kalipentala amene tinagwirizana naye akupanga desiki ya ana awiri pa K45,000, kutanthauza madesiki 20 ndi ana 40 ochoka pansi.

Vuto limodzi laonekeratu. Ogulitsa feteleza aja analonjeza K300,000 ndipo woulutsa mawu pabwalo analengeza nambala imeneyo pa chimkuzamawu, anthu n'kuwomba m'manja. Zafika ndi theka. Nkhaniyi ndiibwerera mawa.

Lachiwiri

Lero ndagwira za mndandanda: ndani ayambe, ndani atsatire, ndipo aliyense atchulidwe motani.

Poyamba panali maganizo oti tingolemba mayina onse mumzere umodzi pansi pa mawu akuti zikomo kwa onse. Ndakana, ndipo bambo wapampando agwirizana nane. Mzere wotere umaika pamodzi munthu amene anatulutsa K600,000 ndi munthu amene anatibwereka mabenchi awiri, ndipo onse awiri sakhutira. Woyambayo amaona ngati ndalama zake zamira m'gulu, winayo amaona kuti dzina lake angoliponyamo kuti asadandaule. Njira yabwino ndi kunena chimene aliyense anachita. Dzina likatsatana ndi ntchito yake, ngakhale wa mabenchi amadziwa kuti tinaona.

Ndawagawa m'magulu awiri. Masiponsa ndi amene anatulutsa ndalama kapena katundu m'thumba mwawo. Ogwira nawo ntchito ndi amene anabwera ndi udindo kapena luso lawo: a Gulupu amene anatiloleza ndi kumema anthu, ahedi ndi komiti ya sukulu amene anapereka bwalo, apolisi ndi a chitetezo cha m'mudzi, azaumoyo amene anakhala m'mbali mwa bwalo masiku onse awiri, ndi oyimbira mpira. Pa oyimbira panali kukambirana pang'ono, chifukwa tinawalipira. Maganizo anga ndi akuti munthu amene walipidwa mtengo wake wonse satchulidwa pakati pa othandiza, koma awa anatsitsa mtengo atamva cholinga cha mpikisano, ndiye alowa, ndipo tinena kuti anatsitsa.

A sitolo ya zipangizo zomangira akhala oyamba, paokha, m'chiganizo chawochawo. Tinagwirizana nawo zimenezi tisanalandire ndalama, ndipo zinalembedwa m'kalata imene bambo mlembi akusunga: dzina lawo pa chinsalu cha pabwalo, kutchulidwa pa chimkuzamawu, ndi kutchulidwa koyamba mu uthenga wothokoza. M'mipikisano ikuluikulu siponsa wamkulu amalowa m'dzina lenileni la chikho, monga timamvera Airtel Top 8 kapena FDH Bank Cup. Ife sitinagulitse dzina la mpikisano, ndiye malo oyamba mu uthengawu ndi chimene tingawabwezere. Ndaiwerenganso kalatayo mzere ndi mzere kuti pasakhale lonjezo lathu limene latsalira.

Kodi ndalama za aliyense tizilembe? Apa ndakhalapo nthawi. Kulemba kumasangalatsa wopereka zambiri, koma kumachititsa manyazi wopereka zochepa, ndipo chaka chamawa wa K20,000 sabweranso poopa kuikidwa pambali pa wa K600,000. Kusalemba konse nako kumabala mphekesera zoti komiti yadya. Tagwirizana kuti pa Facebook tilemba ndalama zonse zimene zinalowa, zimene zinagwiritsidwa ntchito, ndi zimene zatsalira madesiki. Za munthu aliyense payekha zikhala mu lipoti limene amayi msungichuma awerenge pamsonkhano wa makolo, ndipo siponsa aliyense alandira kope lake.

Zimenezi zathandizanso pa nkhani ya ogulitsa feteleza. Sitingalembe K300,000 chifukwa sizinafike, ndipo wina akawerengetsa adzapeza kuti K150,000 yasowa n'kuloza chala komiti. Sitingalembenso kuti anapereka theka, chifukwa kumeneko ndi kumuyalutsa munthu amene watithandiza. Atchulidwa pakati pa masiponsa popanda nambala, ndipo chiwerengero chathu chonse chikhala cha ndalama zimene zili m'manja basi. Bambo wapampando anapita kukawaona masana. Anawayankha kuti, "Bambo, musadandaule, zotsalazo ndikupatsani anthu akayamba kugula mbewu." Ndi yankho lomveka kwa munthu wa bizinesi yoyendera nyengo, koma ife tilemba madesiki 20, osati 23.

Lachitatu m'mawa

Kutsimikiza mayina. Ntchito iyi imaoneka yaing'ono koma ndi imene yadya nthawi yambiri.

Sitolo zambiri kuno zili ndi mayina awiri kapena atatu: limene lalembedwa pakhoma, limene lili pa risiti, ndi limene anthu amaitchula, kawirikawiri dzina la mwini wake. Pa Facebook pamakhalanso lina. Ndatumizira siponsa aliyense uthenga waufupi wofunsa dzina limene akufuna lioneke, tsamba lawo la Facebook ngati ali nalo, komanso ngati akulola kutchulidwa n'komwe. Ndawapempha kuti andilembere, asandiuze pakamwa, kuti ndingokopera zilembo momwe zilili.

Funso lomalizalo lapindula. Achimwene a ku Joni ayankha kuti dzina lawo lisatuluke. Akuti, "Mlongo, mukangolemba dzina langa ndi ndalamazo, foni yanga sipumanso, aliyense adziwa kuti ndili nazo." Tiwatchula kuti mwana wa kwathu amene ali kunja, osatchula dziko, chifukwa m'mudzi muno a ku Joni ndi owerengeka ndipo anthu atha kulota. Kalata yowathokoza ipita kwa iwo okha.

Pa kutaga ndapeza zimene ndimayembekezera. Ukalemba @ n'kuyamba dzina, Facebook imakubweretsera masamba angapo ofanana mayina, ena a ku Lilongwe, ena a kunja. Tsamba la sitolo ya zipangizo zomangira lili ndi linzake lakale limene anasiya kuligwiritsa ntchito, chithunzi chake n'chimodzimodzi. Mwana wa eni sitolo wanditumizira linki ya tsamba loyenera, ndipo ndaona kuti ndi limene analembapo sabata yatha. Kutaga tsamba lakufa n'chimodzimodzi osataga, eni ake salandira chidziwitso ndipo sangagawire makasitomala awo. Amene alibe tsamba la bizinesi sindiwataga pa akaunti yawo yaumwini pokhapokha atanena okha.

Nkhani ina yofuna kusamala ndi ya a phungu a dera lino. Anapereka chikho ndi mipira iwiri, ndipo ndi amene anapereka mphoto kwa opambana. Ayenera kuthokozedwa, palibe kukayika. Koma kuno mabonanza ambiri amadziwika kuti ndi a ndale, ndipo mpikisano wathu ukangovala mtundu wa chipani, theka la makolo ndi masiponsa atitaya. Ndiye atchulidwa ndi udindo wawo komanso chimene anapereka, popanda dzina la chipani, popanda mawu owatamanda kuposa ena, ndipo akhala pamalo awo pakati pa opereka katundu. Pa zithunzi ndasiya zonse zimene mukuoneka nsalu kapena malaya a chipani, ngakhale kumbuyo.

Lachitatu madzulo

Zithunzi. Mnyamata amene ankajambula anatumiza zambiri pa WhatsApp, koma zafika zofooka, zilembo za pa chinsalu cha masiponsa sizikuwerengeka. WhatsApp imachepetsa chithunzi ukachitumiza mwachizolowezi. Ndamupempha atumizenso zisanu zimene ndasankha kudzera pa Document, ndipo zafika zowala, dzina lililonse likuoneka.

Choyamba chikhala cha kaputeni wa timu yopambana atanyamula chikho, chinsalu cha masiponsa chili kumbuyo kwake, chathunthu, chosadulidwa m'mbali. Ndachisankha dala chifukwa chithunzi choyamba ndi chimene anthu amaona asanaganize zowerenga. Chinalipo china chokongola kuposa ichi, chigoli chikulowa, fumbi lili koboo, koma pa chinsalucho munthu anaima n'kutchinga dzina la ogulitsa feteleza. Chalowa chachitatu.

Chimene ndachikana ndi chithunzi cha ana atakhala pansi m'kalasi, nkhope zikuoneka bwinobwino. Ena m'komiti ankachifuna chifukwa chimagwira mtima, ndipo n'zoona chimagwira. Koma awa ndi ana a eni ake, ndipo makolo awo sanafunsidwe. Malamulo a dziko lino, kuchokera pamene anasinthidwa mu 2017, amati aliyense wosakwana zaka 18 ndi mwana, ndipo kwa ine chilolezo cha ahedi pachokha sichilowa m'malo mwa cha kholo. Komanso mwana amene wajambulidwa ndi kabudula wong'ambika adzakula, chithunzicho chidakalipo. M'malo mwake taika cha kalasi yopanda anthu, simenti yokumbikakumbika ndi bolodi. Chikunena zomwezo. Tsiku lopereka madesiki tidzapempha makolo pasadakhale.

Mayina onse alowa m'mawu enieni a uthenga, osangodalira malogo a pa chithunzi. Anthu ambiri kuno amatsegula Facebook bandulo ili pafupi kutha kapena netiweki ikuvuta, zithunzi osatseguka, n'kumangowerenga mawu. Siponsa amene ali pa chithunzi pokha, kwa anthu amenewa sanathokozedwe.

Lachinayi m'mawa

Ndalemba uthenga. Pa foni Facebook imaonetsa mizere yochepa yoyambirira kenako n'kuika See more, ndipo ambiri sadina. Choncho mizere yoyamba inyamule zinthu ziwiri zimene sitingalole kuti zibisike: chimene chapezeka, ndi dzina la siponsa wamkulu. Malonje aatali, mbiri ya momwe ganizoli linayambira ndi zigoli za masewero onse ndazichotsa. Zigoli zinatuluka kale Lamulungu usiku mu uthenga wake.

Nawu momwe ulili. M'zolemba zino mayina ndawachotsa, koma pa tsamba alipo onse.

"Ana 40 a Sitandade 3 achoka pansi. Mpikisano wathu wa mpira wapeza ndalama zogulira madesiki 20, ndipo zikomo woyamba apite kwa siponsa wathu wamkulu, a sitolo ya zipangizo zomangira, amene anatigwira dzanja kuyambira tsiku loyamba.

Tikuthokozanso a sitolo ya feteleza ndi mbewu komanso mwana wa kwathu amene ali kunja chifukwa cha thandizo la ndalama. A phungu a dera lino chifukwa cha chikho ndi mipira. A golosale ya pamsika chifukwa cha madzi akumwa a osewera. Ndi eni chimkuzamawu amene anatibwereka masiku awiri osalipiritsa.

Mpira sukanaseweredwa popanda a Gulupu amene anatiloleza ndi kumema anthu, ahedi ndi komiti ya sukulu amene anapereka bwalo, apolisi ndi a chitetezo cha m'mudzi amene anasunga bata, azaumoyo amene anasamalira osewera, ndi oyimbira mpira amene anatitsitsira mtengo. Amayi amene munatunga madzi ndi kusesa bwalo, matimu onse 8, ndi inu nonse amene munaponya kangachepe m'mbale, zikomo kwambiri.

Zinalowa K1,380,000. Zoyendetsera mpikisano ndi mphoto zinatenga K480,000. K900,000 yotsala yapita ku madesiki. Akafika kusukulu tidzakuonetsani."

Ndinalingalira zolemba m'Chingerezi, poti masiponsa ena amakonda kutumiza zotere kwa amene amawapatsa katundu. Koma amene anadzaza bwalo ndi amene amagula m'sitolo zimenezi amawerenga Chichewa, ndipo siponsa amafuna kuti makasitomala ake ndiwo amve. Uthenga wa pa tsamba ukhala m'Chichewa. Amene akufuna cha Chingerezi alandira kalata yosainidwa ndi bambo wapampando, yokhala ndi chidindo cha komiti.

Mawu amene ndawapewa dala ndi onena kuti popanda wakutiwakuti palibe chikanachitika, kapena kutcha munthu mpulumutsi wa dera. Akaikidwa pa munthu mmodzi amanyoza ena onse. Ndapewanso kulemba kuti tikudikira thandizo lanu chaka chamawa. Kupempha kuli ndi nthawi yake, ndipo kukalowa m'kati mwa zikomo munthu amamva ngati kuthokozako kunali khomo lolowera pempho.

Za Instagram ndi X sizinandivute. Pa Instagram malire ndi zilembo 2,200, uthenga wathu ukukwana wonse. Pa X malire ndi zilembo 280 kwa akaunti wamba, ndiye pangopita ndime yoyamba ndi linki yopita ku Facebook. Pa WhatsApp Status paikidwa chithunzi choyamba ndi ndime yoyamba yomweyo.

Lachinayi masana

Uthenga usanatuluke wadutsa m'maso mwa anthu atatu. Amayi msungichuma aona manambala, bambo mlembi afananitsa mayina ndi kope la malonjezo, ndipo ahedi awerenga ngati munthu amene sanali m'komiti. Chifukwa chochitira zimenezi usanatuluke n'chakuti kukonza pambuyo sikufafaniza kanthu. Facebook imalola kusintha mawu, koma zakalezo zimaonekabe pa Edit history, ndipo amene anajambula kale uthengawo n'kuutumiza m'magulu a WhatsApp amakhala akufalitsa wolakwikawo.

Ahedi ndiwo apeza chosowa. Afunsa kuti, "Nanga a minibasi amene anakatenga matimu awiri akutali aja, ali pati?" M'kope la malonjezo munalibe dzina lawo chifukwa sanalonjeze kanthu, anangodzipereka Loweruka m'mawa ataona anyamata atasowa choyendera, ndipo sanalipiritse ngakhale mafuta. Anthu otere, othandiza pa tsiku lenilenilo, ndi amene amatsalira kawirikawiri, chifukwa sadutsa kwa msungichuma kapena kwa mlembi. Ndafunsa pagulu la komiti kuti aliyense atchule amene anamuona akuthandiza pabwalo, ndipo patulukanso mphunzitsi wopuma amene anabwereketsa maukonde a magoli. Onse awiri ndawaimbira, alola kutchulidwa, ndipo alowa m'ndime yachiwiri.

A Gulupu sali pa Facebook. Bambo wapampando ndi bambo mlembi apita kunyumba kwawo kukawathokoza pamaso ndi kuwawerengera uthengawo usanatuluke, kuti asaumvere kwa ena. Apempha chinthu chimodzi, kuti mafumu ang'onoang'ono a pansi pawo atchulidwenso, poti ndiwo anayenda khomo ndi khomo. Tawonjezera mawu akuti "ndi mafumu awo onse".

Uthenga watuluka cha m'ma 7 koloko madzulo, nthawi imene anthu aweruka ndipo agwira mafoni.

Lachisanu

A sitolo ya zipangizo zomangira augawira pa tsamba lawo usiku womwewo, kusonyeza kuti kutaga kunagwira. Mwa masiku onse amene ndalemba pano, chimene ndinkafunitsitsa kuona ndi momwe anthu alandirire ndime ya ndalama, ndipo palibe amene wafunsa kuti zinapita kuti. Mafunso amene abwera kwambiri ndi awiri: madesiki afika liti, ndipo n'chifukwa chiyani Sitandade 3 yokha. Loyamba ndayankha kuti kalipentala walandira theka la ndalama zake lero ndipo wapempha masabata atatu. Lachiwiri ndalisiyira ahedi, amene afotokoza kuti kalasi imeneyo ndi imene ilibe desiki ngakhale imodzi.

Munthu mmodzi walemba pansi pa uthengawo kuti pabwalo anamva K300,000 ya a feteleza, nanga bwanji masamu sakukwana. Ndayankha mwachidule kuti chiwerengero chathu ndi cha ndalama zimene zalandiridwa kufika Lolemba, ndipo zina zikafika tidzalengeza. Sindinatchule kuti zatsala kwa ndani. Pa mfundo zokakambirana ku komiti ndalembapo kuti mpikisano wotsatira woulutsa mawu azilengeza zokhazo zimene amayi msungichuma amupatsa papepala, zolandiridwa kale.

Zotsala: makalata othokoza asindikizidwe ndi kusainidwa Lolemba, lililonse lipite ndi kope la lipoti la ndalama ndi chithunzi chimodzi chotsukidwa. Ahedi atumize mawu kwa makolo a ana a Sitandade 3 opempha chilolezo chojambula tsiku lopereka madesiki. Bambo wapampando apitenso kwa a feteleza mwezi ukatha. Uthenga wachiwiri, wa madesiki ali m'kalasi, ndiulemba akafika ndipo ahedi atawawerenga n'kusainira kuti alandira 20.